Alamu, tabuleti ya mwanayo ikuthobwa m'maso

Alamu, kubanja kwathu aliyense ali ndi udindo wake. Wina amayendetsa za maliro, wina amalankhula pa zinkhoswe, ndipo ine anandipatsa unduna wa zipangizo chifukwa choti ndimavala magalasi. Satifiketi ina ndilibe. Tsono popeza mwamugulira mwana wa zaka 4 uja tabuleti ya Android, ndipo mukudandaula kuti akamafuna katuni akumatsegula kalenda, kenako n'kulira ngati wamenyedwa, nduna yakhala pansi kuti ikulembereni.

Choyamba dziwani kuti zilembo ndi tizithunzi ta mapulogalamu sizikulira pamodzi. Mukalowa mu Settings, kenako Display, mupeza Font size. Ameneyu amakulitsa zilembo basi. Makolo ambiri timakankhira ameneyu mpaka kumapeto n'kudziguguda pachifuwa, pamene mwini tabuleti sanayambe n'kuwerenga komwe. Amene wathandizidwa apa ndi anthu a msinkhu wanga, amene timawerenga uthenga titatambasula mkono mpaka kumapeto. Wothandiza mwana ndi mnzake, Display size, amene pa Samsung amatchedwa Screen zoom. Iyeyu amakulitsa mabatani ndi zina zonse za pa sikirini. Musunthe sitepe imodzi, mutuluke, muone. Mukamufikitsa kumapeto, mapulogalamu ena amapanikizika, mawu amaduka pakati, ndipo batani loti mudine limatha kuthawira pansi posaoneka. Mukaona zimenezo, bwererani sitepe imodzi.

Mwina mutero koma n'kupeza kuti tizithunzi ta patsamba loyamba sitinasinthe kwenikweni. Musayambe kutukwana wogulitsa. Tizithunzi timeneti timakhala m'mizere, ndipo kukula kwake kumatengeranso kuchuluka kwa malo m'mizeremo. Ikani chala pamalo opanda kanthu patsambalo, muchisiye pomwepo mpaka patuluke zosankha, ndipo mufufuze Home screen grid kapena App grid, malinga ndi amene anapanga tabuletiyo. Sankhani manambala ang'onoang'ono. Ikakupatsani 5x5 ndi 4x4, tengani 4x4, chifukwa malo 16 ndi otakasuka kuposa malo 25 pa sikirini yomweyo. Ndiye musawadzaze. Siyani mapulogalamu anayi kapena asanu amene mwanayo amagwiritsadi ntchito, muwayike motalikirana, ena onse muwachotse patsambalo. Chala cha mwana n'chaching'ono, inde, koma sichilunjika, chimangogwa pamene chagwera. Changa n'chachikulu ndipo chimadina ziwiri nthawi imodzi, choncho ine ndi mwanayo vuto lathu ndi limodzi. Pa Samsung pali Lock Home screen layout. Yatsani, apo ayi pofika madzulo mwana adzakhala atasamutsa zonse.

Tibwere ku mitundu, kumene kuli mlandu weniweni. Munandiuza kuti mukufuna ikhale yofatsa, ndipo ndikudziwa kumene mtima wanu ukuthamangira. Pansi pa Accessibility pali Grayscale, amene amachotsa mitundu yonse n'kusiya zotuwa ngati wayilesi ya kanema imene tinkaonera pawindo la aphunzitsi. Kwa ife akuluakulu n'zabwino, mwinanso zimatigonetsa msanga. Koma taganizani mmene mwana wosadziwa kuwerenga amapezera zinthu zake. Iye sadziwa dzina la pulogalamu iliyonse. Amadziwa kuti kofiira ndi ka katuni, kobiriwira ndi kojambulira. Mukatuwitsa zonse mwamufufutira zikwangwani, ndipo kulira kuja kubwereranso, ulendo uno womuliritsa muli inu. Chimodzimodzi Themed icons, amene amaveka tizithunzi tonse mtundu umodzi. Amaoneka aulemu, koma kwa mwana musayatse.

Mitundu ya tizithunzi muisiye mmene ilili. Zofunika kufatsitsa ndi zozungulira. Yambani ndi chithunzi cha kumbuyo, Wallpaper. Ndikudziwa kuti mwayikapo chithunzi cha pa ukwati wa achemwali, anthu khumi atavala chitenje cha maluwa. N'chokongola, ndipo inenso ndikuonekamo bwino, koma kachithunzi ka pulogalamu kakakhala pamwamba pa chitenje chimenecho ngakhale ine wa magalasi sindingakapeze. Ikani mtundu umodzi wopanda zojambula, woderako pang'ono. Kenako zimitsani timadontho timene timatuluka pakona pa tizithunzi, totchedwa App icon badges kapena Notification dots. Ntchito yake n'kukopa chala, ndipo mwana wa zaka 4 alibe uthenga wachangu woti ayankhe.

Kenako kuwala. Nthawi zambiri chimene timati mitundu yaukali chimakhala kuwala kochuluka chabe. Tsitsani Brightness muli m'chipinda chimene mwanayo amakhalamo, osati pakhonde masana. Poyesa, tsegulani tsamba loyera: likamawalitsa nkhope ya mwana m'chipinda choti muli kale kuwala, ndiye kwachulukabe. Usiku magetsi akathima, ngakhale kuwala kotsikitsitsa kumatha kuthobwabe, ndipo matabuleti ambiri a Android 12 kupita m'tsogolo ali ndi Extra dim wotsitsa kupitirira pamenepo. Palinso Night Light, pa Samsung Eye comfort shield, amene amachepetsa buluu n'kuchititsa sikirini kuoneka yachikasu pang'ono. Mungathe kumuikira nthawi yoti aziyaka yekha dzuwa likalowa. Musamukankhe kwambiri, chifukwa mwana akamaphunzira mitundu mudzamva akunena kuti mkaka ndi wachikasu, ndipo pa umboni wa sikiriniyo adzakhala akunena zoona.

Muli mu Accessibility momwemo, yendani mosamala, chifukwa muli mabatani amene amatumiza anthu kwa okonza mafoni popanda chowonongeka. Mukaona nkhope za anthu pazithunzi zasanduka zabuluu, tsitsi layera, ameneyo ndi Color inversion, mungomuzimitsa. Mukaona sikirini yakula mwadzidzidzi n'kukhala ndi mzere m'mbali mwake, ameneyo ndi Magnification, amene akaikidwa kuti aziyaka pogogoda katatu amayaka tsiku lonse, poti kugogoda katatu ndi mmene ana amadinira chilichonse. Ndipo tabuleti ikayamba kulankhula yokha n'kumakana kutseguka mukadina kamodzi, musaitane abusa. Ameneyo ndi TalkBack, wothandiza anthu osaona. Dinani kamodzi posankha, kawiri mofulumira potsegula, tsetseretsani ndi zala ziwiri, mpaka mukafike pomuzimitsira. Pa matabuleti ambiri kugwira mabatani onse awiri a voliyumu kwa masekondi atatu kumathandizanso.

Mphamvu za unduna wanga zili ndi malire, alamu. Gemu ikatseguka imabwera ndi mabatani ake ndi mitundu yake, ndipo Display size sailamula. Kuwala ndi chikasu chija zimagwirabe, koma ngati gemuyo ndi yong'anima ndiponso yodzaza malonda, palibe batani loifatsitsa, ichotseni. Za nthawi yoonera, bungwe la World Health Organization linanena mu 2019 kuti mwana wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ine amene ndikulemba izi ola limenelo ndimalimaliza tiyi asanazizire, choncho musandiike kukhala woyang'anira.

Mukamaliza, mupatseni mwanayo tabuleti, muike manja anu kumbuyo, mumuuze kuti atsegule katuni. Akaipeza ndi kudina kumodzi, ntchito yatheka. Akaphonya, chotsanipo kachithunzi kamodzi, otsalawo muwatalikitse, muyesenso. Ndipo ya agogo mubwere nayo Lamlungu, poti nawonso akufuna zomwezi.