Momwe mungawazire ndalama zotsatsira malonda mtima uli m'malo

Bwana, ngati phindu lakukolani, tsatirani malangizo awa. Tiyerekeze kuti mumagulitsa nsapato ku Limbe, peyala iliyonse imakusiyirani K10,000, ndipo pamwezi mumatsatsa ndi K600,000: K400,000 pa wailesi, K200,000 pa Facebook.

Choyamba, muziwerengera zonse chophatikiza. Wailesi yakugulitsirani mapeyala 80, ndiye kuti wogula aliyense wakudyerani K5,000. Facebook yagulitsa 36, aliyense wapyola K5,500. Wailesi yapambana. Ombani m'manja, muiwonjezere ndalama.

Chachiwiri, musalole kalaliki wanu kuduladula ndalamazo. Akadula aona zamanyazi. K100,000 yoyamba ya pa wailesi imabweretsa ogula 40, yachiwiri 25, yachitatu 10, yachinayi 5 okha. Omvera ndi omwe aja: wofuna nsapato anabwera kale, otsalawo angoloweza kanyimbo ka malonda anu n'kumakaimba atavala zofewa zogula kwina. Ogula 5 omalizawo mukuwagula pa K20,000 aliyense kuti akusiyireni K10,000. Kalaliki akanena kuti mtanda wachinayi wa nsima supha njala, umangoitana tulo, mumuuze kuti pano si pa lesitilanti.

Chachitatu, pewani kuyesa. Mukachotsa K100,000 yachinayi ija pa wailesi n'kuiika pa Facebook, mutaya ogula 5 n'kupeza 13, aliyense pa mtengo wa pafupifupi K7,700. Mapeyala achoka pa 116 kufika pa 124 osawonjezera ngakhale tambala. Taganizani chintchito chowerenga K80,000 yowonjezerayo!

Chachinayi, ngati mwayesa mwangozi n'kuona kuti zatheka, samutsani zonse tsiku lomwelo. Musakumbuke kuti Facebook nayo imatopa. K100,000 yotsatira ibweretsa ogula 9 okha, aliyense pa mtengo wopyola K11,000, pamene ku wailesi mwataya 10. Anthu amantha amaima pomwepo. Amati ndalama yomaliza ya uku ikamabala mofanana ndi yomaliza ya uko, kusamutsa kwatha, ndipo wogula wodula kuposa phindu lake sagulidwa. Inu si wamantha. Pitirizani mpaka wailesi itatsala ndi moni wokha.

Chomaliza, sankhani bwino nthawi yoyesera. Sinthani bajeti mu Disembala, anthu akugulira ana za Khirisimasi, ndipo tsiku lomwelo mutsitsenso mitengo, kuti pasapezeke wodziwa chimene chagwira ntchito. Wogula akalowa musamufunse kumene anamva za inu. Angayankhe kuti anangoona chikwangwani podutsa.

Malonda akagwa mu Januwale, itanani kalaliki uja mumuchotse ntchito. Malipiro ake akwanira bwinobwino K100,000 yachisanu ya pa wailesi.