Bwana, ine si Chimanga

Abale anga, pali pepala lina lachidindo lomwe likunena kuti ine dzina langa ndi Chimanga. Munthu wobadwira pa Nkhamenya pano, wokulira m'chigafa, amene zala zake zidada ndi utomoni wa fodya, lero ndasanduka mbewu ya eni ake. Anzanga a pabawo akangondiona amafunsa kuti chitini ndi ndalama zingati.

Nkhani yake ndi iyi. Zaka zapitazo ndidakagwirako ntchito yosankha fodya ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique. Pochoka adandipatsa kalata yaumboni ya m'Chipwitikizi, yonena kuti ndimadziwa magiredi a bale ndipo sindidabepo ngakhale tsamba limodzi. Mawu achiwiriwo ndi omwe ndimanyadira kwambiri. Chaka chino nditamva kuti kampani ina ikufuna wosankha fodya, ndidafukula kalatayo pansi pa sutikesi. Adandiuza kuti Chipwitikizi iwo sachimva, ndikaimasulitse m'Chingerezi ku ofesi ina yake m'tauni. Ndidagulitsa tambala, ndidakwera minibasi, ndidalipira, ndipo pepala lidatuluka loyera bwino, chidindo chili psuu. Ndidalipinda mwaulemu osaliwerenga, poti munthu wamkulu sawerengera pakauntala ngati sakhulupirira anzake.

Adandiwerengera ndi kalaliki wa kukampani kuja. Adayang'ana chiphaso changa cha unzika, chija tidajambulitsa mu 2017, nayang'ananso pepalalo.

"Bambo, chiphaso chikuti Kamanga, pepala likuti Chimanga. Mwini pepalayu ali kuti?"

"Ndine ndemwe, bwana."

"Ndiye Kamangayu mwamusiya kuti?"

Ndidayamba kufotokoza za agogo anga ndi komwe adachokera, koma wotsatira pamzere anali atakhala kale pampando.

Kunyumba tidayala mapepala onse atatu pamphasa, ine ndi mayi a kunyumba, ndipo m'pomwe tidaona njira yomwe dzina langa lidayenda. Kalaliki wa ku Ulongwe sadalembe KAMANGA. Adalemba CAMANGA. Iye sadalakwe kwenikweni, chifukwa Apwitikizi kuyambira kale sakonda K ndi W. Pomwe ife timaika K iwo amaika C, pomwe timaika W iwo amaika U, ndipo NY wathu kwa iwo ndi NH. N'chifukwa chake a Mwale akaoloka malire amakhala a Muale, a Nyirenda n'kukhala a Nhirenda. Tsono womasulira wathu wa kuno ataona C uja adakumbukira kalembedwe kakale, kamene C ankaimira CH, monga momwe anzathu a ku Zambia amalembera Cinyanja mpaka lero. Adati apa pasowa H. Ataona kuti "Chamanga" sakumveka, adandichitira chifundo n'kukonzanso. Anthu awiri ophunzira, aliyense pofuna kundithandiza, adandichotsa mumtundu wa makolo anga n'kundiika munkhokwe.

Usiku womwewo ndidalemba kalata yopita kwa bwana wa ofesi yomasulira ija. Idali ya masamba anayi. Ndidayamba ndi mbiri ya banja lathu, ndidatchulamo tambala uja, ndidafunsa ngati bwanayo angakondwe atamutcha Bonongwe, ndipo ndidatsiriza ndi vesi. Mayi a kunyumba atamva adangoti, "Bambo a Tiyanjane, kalata imeneyi mukaiwerenge pamaliro anu. Ku ofesi sikafika tsamba lachiwiri."

Ndidapita nayo kwa aphunzitsi ena opuma ntchito, oyandikana nafe, omwe amalembera mudzi wonse makalata a Chingerezi. Adavala magalasi, nawerenga mpaka pa Bonongwe, naipinda. Kenaka adandiuza chinthu chomwe ndikufuna nanunso mumve, chifukwa ambiri timathera ndalama za minibasi pogogoda khomo lolakwika.

Adati pamapepala angawa pali matenda awiri, ndipo lililonse lili ndi sing'anga wake. Loyamba ndi la womasulira. Ntchito yake ndi kumasulira mawu, koma dzina la munthu salimasulira ndipo salikonza, amalikopera momwe lalembedwera, chilembo ndi chilembo. Iye adapeza CAMANGA n'kulemba CHIMANGA, ndiye cholakwa ndi chake, ndipo ayenera kutulutsa pepala lina. Lachiwiri ndi la ku Ulongwe. Ngakhale womasulira atakonza, adzabwerera pa CAMANGA basi, pomwe chiphaso chikuti KAMANGA. Iye alibe mphamvu yosintha zomwe zili pa pepala la eni ake. Chomwe angachite ndi kuwonjezera mawu pansi onena kuti pa chiphaso dzinali lalembedwa ndi K. Kusiyana kumeneko mankhwala ake ndi afidaviti, kalata yolumbira pamaso pa majisitireti kapena loya, yonena kuti Camanga ndi Kamanga ndi munthu mmodzi. Tangoganizani, munthu wa imvi zanga kukweza dzanja kukhoti kulumbira kuti ine ndine ine.

Ndidafunsa ngati sitingangopaka tipekisi n'kulembapo ndi bolopeni. Aphunzitsi adavula magalasi. Adati pepala lachidindo ukalikhudza wekha lafa, ndipo ukhoza kuchoka pa Chimanga n'kufika pa mkaidi.

Kalata yomwe adandilembera idakwana theka la tsamba. Pamwamba keyala yanga ndi tsiku, kenaka udindo wa bwana wolandira, osati dzina lake, chifukwa mabwana amasamutsidwa koma mpando umatsala. Mutu wake udali pempho lokonza dzina pa chikalata chomasuliridwa, pamodzi ndi nambala ya chikalatacho ndi tsiku lomwe chidadindidwa. M'Chichewa chathu thunthu lake linkati:

"Pa mzere wachitatu wa chikalata chomwe ofesi yanu idamasulira, dzina langa lalembedwa kuti CHIMANGA. Pa chikalata cha Chipwitikizi lalembedwa kuti CAMANGA, ndipo pa chiphaso changa cha unzika ndi KAMANGA. Ndikupempha kuti mutulutse chikalata china chokhala ndi dzina monga lilili pa chikalata choyambacho, chosainidwa ndi kudindidwa mwatsopano, ndiponso muonetse pansi pake kalembedwe ka pa chiphaso. Ndaphatikiza mafotokope a zikalata zonse zitatu ndi afidaviti."

Basi. Pansi siginecha, dzina m'zilembo zazikulu, ndi nambala ya foni. Ndidadandaula kuti tambala sadatchulidwe. Adati bwana akawerenga kalata amafuna adziwe zinthu zitatu: palakwika pati, pakhale chiyani, umboni uli kuti. Za tambala ndikauze abusa.

Adandilangizanso kuti mapepala enieni ndisawasiye ku ofesi, ndingowaonetsa n'kubwerera nawo, komanso kuti kalatayo ndipite nayo iwiri, inayo andidindire kuti alandira. Ku ofesi kuja ndidachitadi zimenezo ngati munthu wozindikira. Mayi wa pakauntala adaiwerenga, nati ndi kalata yomveka bwino, nandifunsa ngati ndidalemba ndekha. Ndidati eya. Atatulutsa pepala latsopano ndidaliwerengera pomwepo, chala chili pa chilembo chilichonse, milomo ikugwedera, mzere kumbuyo kwanga ukung'ung'udza. Ndidawerenga ngakhale chidindo.

Pofika kukampani kuja ntchito anali atapereka kale kwa mnyamata wina wa ku Chatoloma, amene dzina lake ndi Banda, dzina lomwe ngakhale Mpwitikizi sangalipotoze. Ine ndabwerera kunazale yanga. Pepala lokonzedwa lili musutikesi, koma pabawo palibe ofesi yolandira makalata, ndiye kumeneko ndikadali Chimanga, ndipo adzukulu ayamba kutchedwa a Gaga.

Inu a Mwale, a Nyirenda ndi a Kamanga anzanga amene muli ndi mapepala a kutsidya, kawatulutseni musutikesi lero, muwaike pambali pa chiphaso, muwerenge dzina lanu chilembo ndi chilembo ntchito isadalengezedwe.