Tsiku limene ndinakana kuthira sopo mu tiyi

Ntchito inali yoyang'anira sitolo ya katundu, koma bwana anati tiyambe talemba mayeso oyesa kuganiza. Ine ndinavala jekete ya mlamu wanga n'kukhala kutsogolo ngati munthu wodziwa zinthu.

Funso loyamba: ngati NYAMA ilembedwa OZBNB, kodi MPUNGA ulembedwa bwanji? Ndinayamba kuwerenga OZBNB chapansipansi, mwina ndi dzina la mankhwala a ng'ombe. Kenako ndinaona kuti N wasanduka O, Y wasanduka Z, A wasanduka B. Chilembo chilichonse changosuntha phazi limodzi kupita kutsogolo. Ndinadzimva ngati mphunzitsi wamkulu. M ndinalemba N, ndipo pa P ndinalemba R mosazengereza, chifukwa kwathu Q sitidya naye nsima. Koma mafunsowa amayendera zilembo zonse 26, Q ndi X ali momwemo. Yankho linali NQVOHB. Malikisi anapita chifukwa cha mlendo mmodzi.

Lachiwiri linabweranso ndi NYAMA, koma tsopano yalembedwa BNBZO. Ndinawerengera pa zala kuchoka pa N kukafika pa B, zala zinatha, ndinatsala pang'ono kuvula nsapato. Mtsikana amene anakhala pambali panga anandifotokozera titatuluka, uku akudya chimanga chootcha.

"Bambo, muziyang'ana zilembo zobwereza. Mu NYAMA, A ali pachitatu ndi pachisanu. Mu BNBZO, B ali poyamba ndi pachitatu. Ndiye kuti mawu atembenuzidwa, AMAYN, kenako chilembo chilichonse chasuntha kamodzi."

Ndinagwedeza mutu ngati ndinkadziwa kale, kungoti nthawi inachepa.

Pa lachitatu ndinadzipha ndekha ndi changu. GALU analembedwa HCOY. Nditaona G wasanduka H, ndinati eya, phazi limodzi lija, osayang'ananso kwina. Chonsecho A anadumpha kawiri kufika pa C, L katatu kufika pa O, U kanayi kufika pa Y. Galuyo ankawonjezera liwiro, ine ndili pa chilembo choyamba kuwomba m'manja.

Lomaliza linalibe zosuntha zilembo, linali longosinthanitsa mayina. Ngati mchere ukutchedwa shuga, shuga akutchedwa sopo, kodi mu tiyi mumathira chiyani? Apa ndinakwiya. Ndine bambo wa ana anayi, tiyi ndamwa kuyambira nthawi ya Kamuzu. Ndinalemba shuga, n'kudula mzere kunsi kwake kawiri. Koma iwo sankafunsa chimene ndimathira kunyumba kwanga. Ankafuna dzina latsopano la chinthucho, ndipo shuga m'funsomo dzina lake ndi sopo.

Ndinafika kunyumba madzulo, mayi a ana ali pakhonde.

"Zayenda bwanji, bambo a Chikondi?"

"CXJOP," ndinatero, kutanthauza BWINO.

Mwana wanga wa Sitandade 6 anawerengera pa zala n'kunena kuti, "Ababa, W akasuntha amakhala X, pamenepo mwakhoza. Nanga bwanji jekete mwabweza kale?"