Mlonda wolawa ndiwo

Bambo wina wa mu ofesi pa Boma ku Ntcheu waiwala pasiwedi. Wapempha linki yosinthira, yafika pa imelo ya kuntchito, wadina pompopompo. Yankho lake: "This link has expired or has already been used." Wamutsogolera ndani? Pulogalamu yachitetezo, imene imatsegula linki iliyonse kalata isanafike kwa mwiniwake, ati kufufuza mbava. Chikhalirecho linkiyo imagwira kamodzi kokha. Mlonda wachikondi ameneyu amalawa ndiwo kuopa poizoni, mpaka kupukuta mbale. Bamboyo akapemphanso ina, mlonda alawanso, bandulo ikungotha. Akanatumiza manambala oti munthu alembe yekha, mlondayo akanangowayang'ana. Komabe tisadandaule, abale. Akaunti zathu n'zotetezeka zedi: mbava sizikulowamo, ifenso eniake sitikulowamo.