Mawa la m'kope silifika

Ku banki mkhonde yathu anandisankha kukhala mlembi chifukwa ndimayenda ndi bolopeni m'thumba la malaya. Za maphunziro sanafunse.

Lachisanu lina mayi ogulitsa mandasi, omwe anali ndi ngongole ya K40,000, anaimirira, kumanga chitenje bwinobwino, nati: "Ine ndibweza mawa ndalama zanga zikalowa. Koma awa," apa analoza asungichuma ndi mlomo, "anadya zathu chaka chatha." Ine ndinalemba liwu ndi liwu, osaika mitengero, osatchulanso amene wayankhula.

Sabata yotsatira ndinaimirira kuti ndiwerenge zomwe tinakambirana. "Ine ndibweza mawa..." Sindinamalize. Mayi aja anali atayamba kale kuwomba m'manja. "Mwamva nonse! Alembi akuti abweza okha. Mulungu awadalitse bambo amenewa!"

Usiku umenewo ndinakhala pansi n'kukonza. Pomwe panali "ndi-" ndinaika "a-", "zanga" inasanduka "zawo", ndipo chiganizo chinatuluka chovala jekete: "Mayi a mandasi anati abweza mawa ndalama zawo zikalowa, koma iwo anadya zawo chaka chatha."

Apa ndiye ndinaputa mavu. Iwo ndani? Zawo za yani? Ulemu wathuwu ndi wabwino pa moni, koma m'kope umasokoneza, poti "a-" yemweyo ndi wa mayi a mandasi, ndi wa asungichuma, ndi wa gulu lonse. Mlomo woloza uja sulowa m'kope. Asungichuma anamva kuti mayiwo avomera kuti anadya ndalama zawo zomwe, ndipo anapempha kuti mawuwo ndiwadule mzere kunsi. Nditayesa kulemba "zake" kuti asiyane, mayi aja anandifunsa ngati ndinawabereka ndine.

Nthawi nayo inandigwetsa. Poona kuti masiku apita, ndinasintha "abweza" kukhala "adzabweza". Atcheya anavula magalasi. "Ka 'dza' aka mwakatola kuti, alembi? Munthu anati abweza, inu mwamukankhira ku Khirisimasi." Sananame. Chichewa sichikakamiza kusuntha nthawi ya mneni pambuyo pa "anati" kapena "kuti". Amene anati "ndibweza" timalemba kuti anati abweza, basi. Chofunika kusuntha chinali "mawa", ndipo ndi chokhacho chimene ndinachisiya. Ndikanalemba kuti "tsiku lotsatira, Loweruka", bwenzi nkhani itatha.

Tsopano mlungu uliwonse ndikawerenga, mayi aja amagwedeza mutu mokhutira. "Mwamva? M'kope mwalembedwa mawa. Lero mukundivutitsiranji?"

Pofika pano ndalembanso chiganizocho kachinayi, ndipo aliyense ndamutchula ndi udindo wake: mayi a mandasi, asungichuma, ndalama za gulu. Atcheya akuti chamveka. K40,000 ija sinalowebe, ndipo mayi aja akuuza anthu pamsika kuti alembi anati abweza.