Mmene Mungaphikire Mafunso a Sankhawekha Ophunzira N'kulira

Aphunzitsi a ku koleji ya zaumoyo, mayeso ndi mawa ndipo m'manja muli mutu wa malungo. Musavutike ndi kudzifunsa chimene namwino ayenera kudziwa akamaliza mutuwu. Tsekani maso, lozani mzere uliwonse m'manotsi. Chala chikagwera pa 1897, chaka chimene Ronald Ross adapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, funso lapezeka. Mayi wobwera ndi mwana wotentha thupi amayamba wafunsa chaka chimenechi, si choncho?

Tsono luso lenileni lagona pobisa mayankho awiri olondola m'funso limodzi. Lembani kuti: Chimabweretsa malungo n'chiyani? A. Udzudzu. B. Plasmodium. C. Mango aawisi. D. Zonsezi. Wophunzira wakhama atuluka thukuta, pakuti Plasmodium ndiye amayambitsa matendawa koma udzudzu ndiwo umamufalitsa, ndipo mawu akuti "chimabweretsa" akulandira onse awiri. Waulesi sachedwa: mango awataya, D agwera limodzi ndi mangowo, kenako aponya ndalama m'mwamba. Mwayi wake wongolota wachoka pa 25 kufika pa 50 pa 100 iliyonse, mphatso yochokera kwa inu.

Pali anzanu ena osadziwa kusangalala. Iwo amati funso liyese chinthu chimodzi, ndipo munthu athe kuliyankha ataphimba mayankho ndi dzanja. Amalemba chonchi: Ndi kachirombo kati kamene kamafalitsa Plasmodium kwa anthu? A. Aedes. B. Anopheles. C. Culex. D. Kashembe. Onani kuuma mtima kwake! Onse anayi amaluma, onse amafalitsa matenda, moti wosokoneza malungo ndi kaodzera akodwa pa D, ndipo palibe angabwere ku ofesi kudzatsutsa B. Nanga Lolemba mudzakangana ndi yani? Apeweni anthu amenewa.

Yankho lolondola lizikhala lalitali kuposa onse, lodzaza ndi "nthawi zambiri" ndi "makamaka", ena atatuwo akhale a liwu limodzi. Mawu akuti "osati" muwakwirire pakati pa chiganizo, osawalemba ndi zilembo zazikulu. Ndipo muzikonda C. Pofika funso lachisanu ndi chimodzi kalasi idzakhala itakudziwani.

Mukachonga, wina adzakuuzani kuti muwerenge amene asankha yankho lililonse. Kanani. Mungaone kuti pa ophunzira 60 palibe wakhudza mango, kutanthauza kuti yankholo linali chokongoletsera chabe. Choipa koposa, mungaone kuti khumi okhoza bwino ndiwo alephera funsolo pamene khumi akumchira alipeza, chizindikiro chakuti wodwala ndi funso, kapena kiyi wanu ngolakwika. Mapepalawo tsekerani m'kabati, ndipo pa msonkhano wa dipatimenti munene kuti ana a masiku ano sawerenga.