Anthu Asanu, Dzina Limodzi

Mukafunsa kompyuta ya m'golosale yanga ku Bangwe, ikuuzani kuti mu Blantyre monse mulibe munthu wolimbikira ntchito ngati ine. Ndimagulitsa sopo pakauntala nthawi yomweyo ndili ku Limbe kooda shuga. Tsiku lina ndili kumaliro ku Thyolo, ndinakwanitsa kufufuta lisiti la mafuta ophikira m'sitolo. Si ufiti ayi. Anthu asanu tonse timalowa m'pulogalamu yogulitsira ndi dzina langa, ndipo nambala yachinsinsi ili pakapepala komata kunsi kwa dilowa ya ndalama. Ngakhale mnyamata wobweretsa buledi amaidziwa.

Phukusi lomwe ndimalipira mwezi ndi mwezi limalola anthu atatu. Ife tilipo ine, mayi akunyumba, mtsikana wapakauntala, mphwanga yemwe amathandiza Loweruka, ndi bambo wina wowerengera ndalama amene amabwera kumapeto kwa mwezi. Nditaona kuti asanu sangakwane pa malo atatu, ndinaopa kukhumudwitsa wina, choncho sindinalembetse aliyense. Ndakhala ndikulipirira atatu n'kumagwiritsa ntchito malo amodzi, ine yemwe ndimanenerera mtengo wa machesi mpaka mwenye kutopa.

Dzina la munthu m'pulogalamu yotere limagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kusunga mbiri: ndani wagulitsa, ndani watsitsa mtengo, ndani wafufuta lisiti, nthawi yanji. Yachiwiri ndi kuika malire a mphamvu, kuti wapakauntala azigulitsa koma asamasinthe mitengo kapena kuona phindu. Aliyense akamalowa ngati mwini sitolo, zonse ziwirizi zimafa. Ndalama zikachita shoti madzulo, lipoti limaloza munthu mmodzi, ndipo munthuyo ndine.

Nditaganiza zokonza zinthu, ndinapeza batani lolembedwa `Upgrade` likundidikira, lolonjeza malo a anthu khumi. Chala chili m'mwamba, mayi akunyumba anandigwira mkono. "Abambo inu, pogula nyemba mumayamba mwaona mbale yoyezera. Atatu akunenawa akuyezera mbale iti?" Ndinayankha mwaukatswiri kuti atatu ndi atatu basi. Anandiyang'ana momwe amayang'anira mwana akanama kuti wasamba.

Anali ndi mfundo, chifukwa makampani a mapulogalamu sawerenga mofanana. Ena amawerenga mayina olembetsedwa: aliyense wokhala ndi dzina ndi nambala yakeyake amatenga malo, kaya amalowa tsiku lililonse kaya kamodzi pamwezi. Akatero, ife tilipo asanu ndipo phukusi latichepera. Ena amawerenga anthu amene alowa nthawi imodzi. Kwathu kuno sitipitirira atatu, chifukwa mphwanga amabwera tsiku lomwe mayi sakhalako, ndipo wowerengera ndalama amagwira titatseka. Pamenepo kukweza kungakhale kutaya ndalama. Enanso amawerenga zipangizo: kompyuta yapakauntala, tabuleti yowerengera sitoko, ndi foni yanga, zomwe zikukwana zitatu ndendende, mpaka tsiku limene mayi adzafune kuona malonda pafoni yawo. Sitolo ndi yomweyo, anthu ndi omwewo, koma mayankho atatu.

Usiku womwewo tinakhala patebulo lodyera, ana atagona, n'kulembera kampaniyo. Kalata yake inali motere:

Akuluakulu,

Ndine kasitomala wanu wa phukusi la anthu atatu. Ndisanakweze kupita pa la anthu khumi, ndikupempha mundiyankhe molemba mafunso awa.

Kodi malire a anthu atatu mumawerenga mayina olembetsedwa, anthu olowa nthawi imodzi, kapena zipangizo? Ine mwini sitolo ndili m'gulu la atatuwo kapena ndili padera? Ndikalowa pakompyuta komanso pafoni nthawi imodzi, ndimakhala munthu mmodzi kapena awiri?

Wowerengera ndalama amangoona malipoti, sagulitsa kanthu. Kodi iyeyu amatenganso malo athunthu, kapena muli ndi malo aulere a munthu wongoona?

Wantchito akasiya n'kutseka dzina lake, kodi malo ake amamasuka tsiku lomwelo? Nanga mbiri ya zimene anagulitsa imatsala, kapena imapita naye?

Kodi ndingagule malo awiri okha owonjezera, osadumphira pa khumi? Ndikakweza pakati pa mwezi mundilipiritsa masiku otsala kapena mwezi wathunthu? Malonda akavuta n'kufuna kubwerera pa atatu, mudzalola liti, ndipo mayina otsalawo adzatani?

Munthu wachinayi akayesa kulowa, pulogalamu imamukana, imatulutsa yemwe ali pakauntala, kapena imamulola n'kuwonjezera bilu mwakachetechete? Magetsi akathima kompyuta n'kuzima munthu asanatuluke, malo akewo amakhala ogwidwa kwa nthawi yaitali bwanji?

Pomaliza, mtengo wanu ndi wa makwacha kapena wa madola, ndipo msonkho uli momwemo?

Funso la magetsi lingaoneke lachibwana kwa munthu wokhala kumene magetsi sathimathima. Koma pulogalamu yowerenga olowa nthawi imodzi imadziwa kuti munthu wachoka pokhapokha atuluke bwinobwino kapena nthawi yoikika ithe. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi, kumakina a kampani kumaoneka ngati munthuyo akadalimo. Mtsikana akayesa kulowa patabuleti akhoza kukanidwa, mzere wa makasitomala uli mpaka pakhomo. Chizindikiro chake n'chosavuta: pulogalamu ikunena kuti malo adzaza, koma m'sitolo muli anthu awiri.

La madola ndiye linandiphunzitsa masamu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tinene kuti malo amodzi ndi madola 10 pamwezi. Munthu mmodzi yemwe ankakudyera K11,800 anayamba kudya K17,000, kampani osakweza mtengo ngakhale pang'ono. Pamtengo womwewo, malo asanu ndi K85,000 ndipo malo khumi ndi K170,000. Phukusi lalikulu limatha kutchipirako pa munthu mmodzi, koma malo asanu opanda eni ake amalipiridwabe mwezi uliwonse, ndipo ndalamazo zimachokera pa phindu la sopo ndi mchere.

Mawu oti "molemba" ndinawaika dala. Wotsatsa malonda pafoni amangoti musadandaule bwana, zonse zitheka. Bilu ikadzabwera yonenepa, mawu a pafoni sudzawapeza, pomwe imelo umaitsegula n'kuloza ndime.

Kalata yomwe ndinayamba kulemba ine inali yotalika kuposa iyi. Inayamba ndi moni wa ndime yathunthu, kenaka mbiri ya golosale kuyambira ili kaokala, kenakanso kufotokoza kuti ndine munthu wodziwa za makompyuta. Mayi akunyumba anafufuta zonsezo, n'kunena kuti munthu wodziwa za makompyuta samata nambala yachinsinsi pa dilowa. Atatero anakoka foni n'kuwonjezera funso lawo pansi penipeni, ndipo linapita momwemo chifukwa ndinalibe mphamvu yolichotsa:

"Kodi n'zotheka kuti mphamvu yotsitsa mitengo ndi yofufuta ngongole ichotsedwe kwa mwini sitolo n'kupatsidwa kwa mkazi wake? Ngati zimenezi zili m'phukusi lalikulu, tikweza mawa."